Chiwongoladzanja chikakwera, bwanji bondi imatsika mtengo?

Mu 2021 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inkabwereketsa ndalama kumabanki ena pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti. Pofika mu Febuluwale 2024 chiwongoladzanjacho chinali chitakwera kufika pa 26 peresenti. Amene anali ndi ngongole kubanki safuna kukumbutsidwa mmene zinawawira, chifukwa ndalama zobweza mwezi ndi mwezi zinakwera malipiro ali pomwepo.

Pali anthu ena amene analuzanso nthawi imeneyo, koma mwakachetechete. Awa ndi amene anabwereketsa ndalama zawo kuboma kapena kukampani kalekale, chiwongoladzanja chikadali chotsika, n'kupatsidwa chikalata cha ngongole chotchedwa bondi. Chiwongoladzanja chitakwera, mtengo umene akanagulitsira zikalata zawo unatsika.

Pomva koyamba zimakhala ngati zosokonekera. Kodi chiwongoladzanja chikakwera, wobwereketsa sindiye ayenera kusekerera? Amasekereradi ndi amene ali ndi ndalama m'manja lero ndipo akufuna kubwereketsa. Amene anabwereketsa dzulo anasainira kale chiwongoladzanja chadzulo, ndipo sangachisinthe. Nkhani yonse yagona pamenepa, ndipo masamu ake mukhoza kuwawerengera nokha pafoni.

Musaganize kuti izi ndi za anthu a mataye okhaokha. Ngati amakudulani ndalama ya penshoni pamalipiro anu, kapena mumalipira inshuwalansi ya moyo, gawo lina la ndalama zanu limakagula mabondi a boma. Mabanki amene mumasungitsako ndalama nawonso amagula zikalata zomwezi.

Bondi n'chiyani?

Bondi ndi ngongole yolembedwa, imene mwini wake angathe kuigulitsa kwa munthu wina. Boma likafuna ndalama zoposa zimene latolera pamisonkho, njira imodzi n'kubwereka kwa anthu, mabanki ndi makampani a m'dziko momwemo. Kuno kwathu amene amaligulitsira zikalata zimenezi ndi banki yaikulu. Zilipo za nthawi yochepa, za masiku 91, 182 ndi 364, ndipo zilipo za zaka, monga ziwiri, zisanu kapena khumi. Pano tikamba za zaka.

Pa bondi iliyonse pamakhala zinthu zitatu zimene zimalembedwa tsiku loyamba ndipo sizisintha. Choyamba ndi mutu wa ngongole, ndalama zimene boma lidzabweze pamapeto. Chachiwiri ndi chiwongoladzanja chimene lizilipira chaka chilichonse, chimene akumabanki amachitchula kuti kuponi. Chachitatu ndi tsiku limene ngongoleyo idzathe.

Chinthu chachinayi ndicho sichilembedwa pena paliponse, ndipo ndi mtengo umene munthu wina angavomere kukupatsani lero ngati mutafuna kumugulitsa bondiyo nthawi yake isanakwane. Boma silinalonjeze mtengo umenewu. Umatuluka pa kunenerera kwa wogula ndi wogulitsa, monga zimakhalira pamsika uliwonse. Tikamati bondi yatsika mtengo, tikutanthauza mtengo uwu. Zitatu zolembedwa zija zimakhala zili chimodzimodzi.

Tiyambe ndi chaka chimodzi

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wapuma pantchito ndipo pa ndalama zimene walandira wapatulapo K1 miliyoni n'kugula bondi. Kuponi yake ndi 20 peresenti, kutanthauza kuti chaka chilichonse azilandira K200 000, ndipo pamapeto adzalandira K1 miliyoni yake ija. Pa nthawi imene akugula, mabondi onse a mtundu umenewu akupereka 20 peresenti yomweyo, choncho palibe wadyera mnzake masuku pamutu.

Tsopano tinene kuti patsala chaka chimodzi kuti bondiyo ithe, ndipo kunyumba kwagwa vuto lofuna ndalama msanga. Aphunzitsi aganiza zoigulitsa. Koma pakatipa zinthu zasintha: boma likamabwereka lero ngongole ya chaka chimodzi, likupereka 25 peresenti.

Dziikeni pamalo pa wogula. Muli ndi K1 miliyoni. Mukagula chikalata chatsopano, chaka chamawa mudzalandira K1 250 000. Mukagula cha aphunzitsi, mudzalandira K1 200 000, yomwe ndi mutu wa ngongole kuphatikiza kuponi yomaliza. Wobweza ndi mmodzi yemweyo, boma, ndipo tsiku lobweza ndi limodzi. Ndani angapereke K1 miliyoni kuti adzalandire zochepa, pomwe ndalama yomweyo ingamubweretsere zambiri?

Aphunzitsi sangauze boma kuti likweze kuponi yawo, chifukwa inalembedwa kale. Chimene chili m'manja mwawo ndi mtengo basi. Ayenera kuutsitsa mpaka wogula aone kuti kugula chikalata chakale n'chimodzimodzi kugula chatsopano.

Mtengo umenewo timaupeza pofunsa funso ili: ndi ndalama zingati zimene, zitabereka 25 peresenti pa chaka, zingasanduke K1 200 000? Ndalama ikabereka 25 peresenti ndiye kuti taichulukitsa ndi 1.25. Kuti tibwerere m'mbuyo, tigawa ndi 1.25 yemweyo. K1 200 000 kugawa ndi 1.25, yankho ndi K960 000.

Tiyese ngati zili zoona. 25 peresenti ya K960 000 ndi K240 000. Tikaphatikiza ziwirizi tipeza K1 200 000 ndendende. Choncho wogula akapereka K960 000 apindula 25 peresenti, monga akanapindulira pa chikalata chatsopano. Aphunzitsi aluza K40 000 pa miliyoni yawo, ngakhale boma silinaphonye kulipira ngakhale tambala imodzi.

Zikakhala zaka zitatu

Tisinthe chinthu chimodzi chokha. Tinene kuti aphunzitsi akugulitsa kutatsala zaka zitatu, ndipo mabondi atsopano a zaka zitatu akupereka 25 peresenti. Wogula adzalandira ndalama katatu. Pakutha pa chaka choyamba K200 000, pakutha pa chachiwiri K200 000, ndipo pakutha pa chachitatu K1 200 000.

Funso ndi lomwe lija, koma tilifunsa pa malipiro aliwonse paokha. Kodi K200 000 ya chaka chamawa ndi yofanana ndi zingati lero? Tigawa ndi 1.25 kamodzi, n'kupeza K160 000. Munthu amene ali ndi K160 000 lero akaibwereketsa pa 25 peresenti, chaka chamawa akhala ndi K200 000, ndiye sangapereke zoposa pamenepo kuti agule lonjezo limenelo.

K200 000 yachiwiri idzabwera patatha zaka ziwiri, choncho tigawa ndi 1.25 kawiri. Ulendo woyamba itsika kufika pa K160 000, wachiwiri pa K128 000. Onani kuti ndalama ndi yofanana ndi yoyamba ija, koma chifukwa ichedwa kubwera, mtengo wake lero ndi wochepa.

K1 200 000 yomaliza tiigawa katatu. Ichoka pa K1 200 000 kufika pa K960 000, kenako K768 000, n'kuthera pa K614 400.

Tiphatikize zitatuzi: K160 000, K128 000 ndi K614 400. Zonse pamodzi ndi K902 400. Umenewu ndiwo mtengo wa bondi ya aphunzitsi lero. Yatsika ndi K97 600, pafupifupi K10 pa K100 iliyonse.

Amene amagwiritsa ntchito Excel pakompyuta angapeze yankho lomweli ndi mzere umodzi:

```
=PV(0.25,3,-200000,-1000000)
```

Pali njira ina yofikira pa K97 600 imene imaonetsa bwino kumene kuluzaku kukuchokera. Bondi yatsopano ya K1 miliyoni ikupereka K250 000 pa chaka, pomwe ya aphunzitsi ikupereka K200 000. Wogula aziperewera K50 000 chaka chilichonse kwa zaka zitatu, ndipo akufuna kuti amuchotseretu pamtengo. K50 000 ya chaka choyamba lero ndi K40 000, ya chaka chachiwiri ndi K32 000, ya chachitatu ndi K25 600. Tikaphatikiza tipeza K97 600 yomweyo.

Choncho kutsika kwa mtengo wa bondi si chilango, komanso si chizindikiro choti bondiyo yaonongeka. Ndi chiwongoladzanja chimene chikuperewera pa zaka zonse zotsala, chosonkhanitsidwa pamodzi n'kuchotsedwa lero.

Mmene anthu amaphonyera masamuwa

Pali njira ziwiri zachidule zimene zimasokeretsa anthu, ndipo zonse zimapondereza wogulitsa.

Wogula wina anganene kuti aziperewera K50 000 katatu, zomwe ndi K150 000, ndiye apereka K850 000. Cholakwika chake n'chakuti akuwerenga K50 000 ya zaka zitatu zikubwerazo ngati kuti akuiluza lero. Akaichotseratu yonse lero, ndalama imeneyo ikhala ikumuberekera kwina kwa zaka zonsezo, ndiye apindula kawiri.

Wina anganene kuti K200 000 ndi 25 peresenti ya K800 000, ndiye mtengo woyenera ndi K800 000. Uyu waiwala, kapena akufuna kuti wogulitsa aiwale, kuti pamapeto boma lidzamubwezera K1 miliyoni yathunthu osati zimene iye analipira. Masamu akewo angakhale oona pa ngongole imene mutu wake sudzabwezedwa mpaka kalekale, osati pa ya zaka zitatu.

Phindu la wogula bondi yotsika mtengo limabwera m'njira ziwiri. Pa K902 400 imene wapereka, kuponi ya K200 000 ndi 22 peresenti ndi kachidutswa. Zotsalazo kuti zikwane 25 peresenti zimachokera pa K97 600 imene adzalandire pamwamba pa mtengo umene anagulira. Akumabanki akaphatikiza ziwirizi amazitchula kuti yilidi. Kuponi ndi imene inalembedwa ndipo siyenda. Yilidi ndi phindu lenileni la pa chaka la munthu amene wagula pa mtengo walero n'kusunga mpaka mapeto. Mtengo ukatsika yilidi imakwera, mtengo ukakwera yilidi imatsika. Si zinthu ziwiri zimene china chimakoka chinzake, ndi chinthu chimodzi chonenedwa m'njira ziwiri.

Mukhoza kutsimikiza yankho lathu potsata ndalamazo chaka ndi chaka. K902 400 ikabereka 25 peresenti ikhala K1 128 000. Tichotse kuponi ya K200 000 imene wogula walandira, patsala K928 000. Iyi ikabereka 25 peresenti ikhala K1 160 000, ndipo tikachotsa kuponi yachiwiri patsala K960 000. Chaka chomaliza K960 000 ifika pa K1 200 000, zimene boma lidzalipire tsiku lomaliza. Palibe chotsala, palibe choperewera.

Manambala amenewa akutiuzanso china. Chiwongoladzanja chikangokhala pa 25 peresenti osasuntha, mtengo wa bondiyo uzikwera wokha: K902 400 lero, K928 000 chaka chamawa, K960 000 chaka chinacho, mpaka K1 miliyoni pamapeto. Bala lake limapola pamene tsiku lobweza likuyandikira.

Yaitali imagwa kwambiri

Taona kale kuti kukwera komweko kwa chiwongoladzanja, kuchoka pa 20 kufika pa 25 peresenti, kunadula K40 000 pa bondi imene yatsala ndi chaka chimodzi, koma K97 600 pa imene yatsala ndi zaka zitatu. Ikanakhala kuti yatsala ndi zaka khumi, masamu omwewa akanatipatsa mtengo wa pafupifupi K821 500, kuluza pafupifupi K178 500.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mwini bondi ya chaka chimodzi wamangidwa pa chiwongoladzanja chakale kwa miyezi 12 yokha, kenako atenga ndalama zake n'kukabwereketsa pa chatsopano. Mwini bondi ya zaka khumi aziperewera K50 000 ija maulendo khumi. Kuluzako sikuchuluka kakhumi ayi, chifukwa K50 000 ya chaka cha khumi ili kutali kwambiri moti lero ndi yosakwana K6 000. Komabe lamulo lake ndi lomwelo: zaka zotsala zikachuluka, mtengo umagwedezeka kwambiri chiwongoladzanja chikasuntha.

Zimayendanso mbali inayo. Chiwongoladzanja chikanatsika kufika pa 15 peresenti, bondi ya aphunzitsi ikanasanduka yosiririka, chifukwa ikupereka K200 000 pomwe zatsopano zikupereka K150 000. Ogula akanaikanganirana, ndipo ya zaka zitatu ija ikanakwera kufika pa K1 114 161. N'chifukwa chake amene amayendetsa ndalama za penshoni akaona kuti chiwongoladzanja chili pafupi kutsika amathamangira mabondi a zaka zambiri, ndipo akaona kuti chikwera amakonda a nthawi yochepa.

Kugulitsa kapena kusunga?

Apa ndi pamene aphunzitsi athu ayenera kuganiza mofatsa. Atamva kuti anzawo akulandira 25 peresenti, angafune kugulitsa bondi yawo kuti akagule yatsopano. Kodi apindula?

Tiwerengere. Akagulitsa alandira K902 400. Akagula nayo bondi yatsopano ya 25 peresenti, azilandira K225 600 pa chaka, zomwe zikuposa K200 000 ndi K25 600. Zikuoneka zabwino. Koma pakutha pa zaka zitatu adzabwezeredwa K902 400 m'malo mwa K1 miliyoni. Ngati K25 600 ya chaka chilichonse aziibwereketsanso pa 25 peresenti, pamapeto idzakhala itakwana K97 600, yongokwanira kutseka dzenje limene anakumba pogulitsa. Ndiye kuti sanapindule kanthu, ndipo tikaonjeza ndalama zimene banki imadula pogulitsa ndi pogula, aluza. Msika unachotseratu kusiyanako pamtengo iwo asanafike.

Nanga akangosunga mpaka mapeto, ndiye kuti sanaluze? Pa kuwerenga makwacha, sanaluze. Adzalandira K200 000 katatu ndi K1 miliyoni yawo, monga analonjezedwa, bola boma lilipire. Koma tikumbukire chimene chimachititsa banki yaikulu kukweza chiwongoladzanja. Kawirikawiri imatero pamene mitengo ya zinthu ikuthamanga. Ngati mitengo ikukwera ndi zoposa 20 peresenti pa chaka, kuponi ya aphunzitsi siikukwanira ngakhale kusunga mphamvu ya ndalama zawo, ndipo miliyoni imene adzalandire idzagula matumba ochepa a feteleza poyerekeza ndi imene anapereka. Kuluzako kulipo ndithu, kungoti sikuoneka papepala.

Kusiyana kwa wosunga ndi wogulitsa n'kwakuti wosunga amaluza pang'onopang'ono, K50 000 chaka chilichonse imene akanatha kulandira, pomwe wogulitsa amaluza zonse tsiku limodzi. Choopsa chenicheni chili pa munthu amene sanafune kugulitsa koma wakakamizika, ndipo ali ndi ngongole kwa ena imene ayenera kubweza yathunthu.

Banki imene inagwa ndi masamu amenewa

Zimenezi zinaoneka poyera ku America mu 2023, pa banki yotchedwa Silicon Valley Bank ya ku California. Mu 2020 ndi 2021, nthawi ya mliri wa Covid-19, makampani a zaumisiri wa makompyuta anasungitsako ndalama zambiri zedi. Bankiyo inatenga gawo lalikulu la ndalamazo n'kugula mabondi a zaka zambiri, a boma la America ndi ena okhudza ngongole za nyumba amene mabungwe a boma amaikira kumbuyo. Panalibe amene ankakayika kuti ngongolezo zidzabwezedwa. Koma chiwongoladzanja nthawi imeneyo chinali pansi kwambiri.

Kuyambira mu Malichi 2022, banki yaikulu ya America, Federal Reserve, inayamba kukweza chiwongoladzanja pofuna kuletsa kukwera kwa mitengo. Chinachoka pafupi ndi ziro n'kupitirira 4.5 peresenti chisanathe chaka. Kwa ife amene tinazolowera 20 peresenti, zimenezi zingaoneke zochepa. Koma yesani masamu athu aja pa bondi ya zaka khumi ya kuponi ya 1.5 peresenti, msika utakwera kufika pa 4 peresenti. Mupeza kuti mtengo wake utsika ndi pafupifupi 20 peresenti. Chiwongoladzanja chikakhala chotsika, ndalama za zaka zakutsogolo sizichepa kwambiri tikazibweretsa lero, choncho kuperewera kwa chaka chilichonse kumawerengedwa pafupifupi kwathunthu.

Bankiyo ikanatha kudikira, mabondiwo akanabwerera pa mtengo wake pang'onopang'ono. Koma osungitsa ndalama anayamba kutapa ndalama zawo, ndipo inayenera kupeza zowapatsa. Pa 8 Malichi 2023 inalengeza kuti yagulitsa zikalata za pafupifupi madola 21 biliyoni ndipo yaluzapo pafupifupi madola 1.8 biliyoni. Nkhaniyi itamveka, anthu anachita mantha. Tsiku lotsatira lokha anafuna kutapa madola 42 biliyoni. Pa 10 Malichi akuluakulu oyang'anira mabanki anaitseka.

Sikuti amene anabwereka kwa bankiyo analephera kubweza. Inabwereketsa kwa zaka zambiri ndalama zimene eni ake akanatha kuzifuna tsiku lililonse, ndipo atazifuna, mtengo wa zikalata zake unali utatsika. Ndi vuto la aphunzitsi athu lija, litangokula.

Mungadziwe bwanji chimene chatsitsa mtengo?

Si nthawi zonse pamene bondi imatsika chifukwa cha chiwongoladzanja cha pamsika. Ikhoza kutsikanso chifukwa ogula ayamba kukayika ngati wobwerekayo adzabweza. Zambia italephera kulipira kuponi ya madola 42.5 miliyoni pa bondi yake ya kunja mu Novembala 2020, mabondi ake a madola ankagulitsidwa pansi kwambiri pa mutu wa ngongole, pa nthawi imene chiwongoladzanja cha dola chinali chotsika. Kumeneko kunali kukayika, osati kukwera kwa chiwongoladzanja.

Njira yosiyanitsira n'kuyang'ana mabondi ena. Ngati onse a ndalama imodzi ndi zaka zofanana atsika mofanana, ndipo aatali atsika kuposa aafupi, chasuntha ndi chiwongoladzanja. Ngati atsika ndi a kampani imodzi kapena dziko limodzi pomwe ena ali chiimire, vuto lili pa wobwerekayo. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa kudikira kumachiza vuto loyamba lokha. Ngati wobwereka sadzabweza, kudikira sikuthandiza.

Pali zina zochepa zoti musamale nazo pogwiritsa ntchito masamuwa. Chiwongoladzanja chogawira si chimene banki yaikulu yalengeza, komanso si cha ngongole ya kubanki kwanu. Ndi chimene mabondi atsopano ofanana ndi anu, a wobwereka yemweyo ndi zaka zotsala zofanana, akupereka lero. Chimenechi chimatsata cha banki yaikulu koma sichifanana nacho, ndipo nthawi zina chimayamba kusuntha chilengezo chisanachitike, amalonda akangoona kumene mphepo ikulowera.

Chinanso, mabondi ambiri amalipira kuponi kawiri pa chaka osati kamodzi. Zikatero mugawe kuponi ndi chiwongoladzanja pakati, n'kuwerenga miyezi isanu ndi umodzi ngati sitepe imodzi. Yankho lisintha pang'ono koma njira yake ndi yomweyo. Musaiwalenso msonkho umene umadulidwa pa chiwongoladzanja. Pomaliza, K902 400 ndi mtengo wa pamsika umene ogula ndi ambiri. Kuno kwathu mabanki ndi makampani a penshoni ambiri amagula n'kusunga mpaka mapeto, choncho munthu wofuna kugulitsa msanga akhoza kusowa wopikisana naye pogula n'kulandira zochepera pamenepo.

Musanagule bondi, funso loyamba lisakhale lakuti ikupereka maperesenti angati. Yambani mwadzifunsa kuti ndalamazi mudzazifuna liti. Ngati ndi za fizi ya mwana chaka chamawa, chikalata cha masiku 364 sichingakupwetekeni kwambiri ngakhale chiwongoladzanja chitakwera. Ngati mwasankha ya zaka zisanu kapena khumi, ikhale ndalama imene simudzaigwira mpaka tsiku lake. Ndipo ngati mukugula bondi yakale kwa munthu wina, musangoyang'ana kuponi. Funsani mtengo, zaka zotsala ndi yilidi, kenako mutenge foni n'kugawa nokha malipiro aliwonse monga tachitira pano. Yankho lanu likasiyana kwambiri ndi limene akukuuzani, afunseni akufotokozereni chifukwa chake musanasaine.